Mafunso ndi mayankho: kulandira ndalama za pa foni mu apu, ndi zochita malipiro akalephera kapena akakhala m'malere

Mafunso awa ndi omwe amabwerabwera kwa opanga mapulogalamu a kuno ku Tete: ena akupangira maloja a zaulimi ku Ulongwe, ena sukulu za ku Moatize, ena ogulitsa matikiti a basi zopita ku Zobwe. Zitsanzo zambiri ndatenga pa M-Pesa chifukwa njira yake yolumikizira ndi yolembedwa poyera ndipo aliyense angathe kuiyesa asanatsegule akaunti ya bizinesi. Kaganizidwe kake n'komweko ngakhale mutalumikiza e-Mola kapena mKesh.

Ndiyambe ndi kampani iti?

Yambani ndi imene makasitomala anu ali nayo m'thumba, osati imene inu mumaikonda. Ku Mozambiki kuli njira zitatu zazikulu: M-Pesa ya Vodacom, e-Mola ya Movitel ndi mKesh ya Tmcel. Nambala ya foni imakuuziranitu: zoyamba ndi 84 kapena 85 ndi za Vodacom, 86 ndi 87 za Movitel, 82 ndi 83 za Tmcel. Pemphani mwini loja akuonetseni kope lomwe amalembamo manambala a anthu a ngongole, muwerenge kuti zoyamba ndi chiyani ndizo zachuluka. Kope la loja ya mumzinda wa Tete ndi la loja ya ku Furankungo sangakupatseni yankho lofanana.

Kampani iliyonse ili ndi khomo lakelake ndi mgwirizano wakewake. Mukhoza kulumikiza iliyonse payokha, kapena kudzera kwa kampani yapakati yomwe imaziphatikiza n'kudulapo kake. Mulimonsemo, mbali ya pulogalamu yanu yolankhula ndi kampani ya foni ikhale payokha, kuti tsiku lowonjezera yachiwiri musadzagumule zonse.

Kodi apu ya pa foni ingalankhule mwachindunji ndi M-Pesa, popanda seva yanga pakati?

Ayi, ndipo apa palibe zokambirana. Mukalembetsa pa `developer.mpesa.vm.co.mz` mumapatsidwa zinthu ziwiri, `API Key` ndi `Public Key`. Pa pempho lililonse mumabisa yoyambayo pogwiritsa ntchito yachiwiriyo mwa njira ya RSA, zotulukazo n'kuzisandutsa Base64, n'kuziika pa mutu wa `Authorization` pambuyo pa mawu akuti `Bearer`. Makiyi amenewa mukawaika mkati mwa apu, aliyense amene watsitsa apuyo angathe kuimasula n'kuwapeza. Akhale pa seva basi. Foni ya kasitomala imalankhula ndi seva yanu, seva yanu ndiyo imalankhula ndi kampani.

Palinso chifukwa china chomwe ambiri amachiiwala. Foni imazima, batire imatha, munthu amatseka apu pakati pa ntchito. Seva ndiyo imatsala ikukumbukira kuti panali ndalama zomwe zinapemphedwa.

Chimachitika n'chiyani kwenikweni kasitomala akadina batani la kulipira?

Apu imauza seva yanu kuti oda yakuti ilipidwe ndi nambala yakuti. Mtengo seva iuwerenge yokha m'databesi, isakhulupirire umene wachokera ku foni. Kenako, isanatumize kalikonse kunja, seva ilembe mzere watsopano m'tebulo la malipiro: nambala ya oda, nambala ya foni, ndalama, nthawi, ndi chizindikiro chapadera cha kuyesa kumeneku. Ikatero ndi pomwe itumize pempho la `POST` ku `/ipg/v1x/c2bPayment/singleStage/` pa doko la 18352.

```json
{
  "input_TransactionReference": "ODA4821",
  "input_CustomerMSISDN": "25884XXXXXXX",
  "input_Amount": "2800",
  "input_ThirdPartyReference": "ODA4821A",
  "input_ServiceProviderCode": "171717"
}
```

Chizindikiro chapadera chija ndi chomwe chili mu `input_ThirdPartyReference`. Nambala ya 171717 ndi ya malo oyeserera; mukayamba kulandira ndalama zenizeni mudzaikapo yanu. Nambala ya foni iyambe ndi 258, popanda chizindikiro chophatikiza ndiponso popanda mipata. Anthu amalemba manambala m'njira zambiri, choncho ikonzeni nokha musanaitumize. `input_TransactionReference` isapitirire zilembo 20, ndipo ndi bwino kungogwiritsa ntchito zilembo ndi manambala.

Pempho likafika, pa sikirini ya kasitomala pamatulukira kabokosi kopempha pini. Kabokosika si ka apu yanu, n'ka kampani ya foni, ndipo inu simungakaone kapena kukalamula. Nthawi yonse imene munthuyo akuwerenga, kukumbukira pini ndi kuilemba, seva yanu imakhala itagwira chingwe, ikudikira yankho. Pafupifupi mavuto onse a nkhani ino amabadwira m'masekondi amenewo.

N'chifukwa chiyani tikulemba mzere tisanatumize? Magetsi akathima seva itangotumiza pempho, kasitomala angathe kulipira bwinobwino, koma inu mulibe paliponse pomwe munalemba kuti munapemphapo ndalama. Mulibe n'chizindikiro chomwe chofunsira.

Yankho limakhala "zatheka" kapena "zalephera", si choncho?

Mayankho alipo atatu, ndipo lachitatu ndi lakuti "sitikudziwa". Pulogalamu imene imadziwa awiri okha ndi imene imadula anthu kawiri.

Yankho lililonse limabwera ndi `output_ResponseCode`. Likakhala `INS-0`, ndalama zalowa, ndipo mumapatsidwanso `output_TransactionID` yomwe muyenera kuisunga. Ena amanena momveka kuti ndalama sizinachoke: `INS-5` kasitomala wakana yekha, `INS-2006` ndalama m'foni n'zosakwanira, `INS-2051` nambala n'njolakwika, `INS-6` malipiro alephera. Amenewa mukhoza kutseka mzere pomwepo n'kulola munthu kuyesanso.

Gulu lachitatu ndilo lofuna mutu. `INS-9` amatanthauza kuti nthawi yatha, ndipo kawirikawiri munthu sanalembe pini, koma ine sinditseka mzere pa yankho limeneli ndisanafunse. `INS-1` ndi vuto la mkati mwa makina awo, lomwe silikukuuzani kuti linachitika ndalama zisanasunthe kapena zitasuntha. `INS-10` akunena kuti pempho lofanana nalo analilandira kale, ndiye funso n'lakuti loyambalo linatha bwanji. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali kusayankhidwa n'komwe: chingwe chaduka, nthawi yomwe munaika yatha, palibe khodi iliyonse yomwe yabwera.

Chenjerani ndi kanthu kena apa. Mayankho okana amabwera ndi manambala a HTTP osakhala 200 kapena 201: `INS-9` amabwera ndi 408, `INS-10` ndi 409, `INS-2006` ndi 422. Zida zambiri zotumizira mapempho zikaona manambala otere zimangoponya cholakwa, ndipo wolemba pulogalamu amagwira zolakwa zonse m'thumba limodzi n'kulemba "zalephera". Werengani thupi la yankho ngakhale nambala ya HTTP ili yoipa. Ngati thupi mulibe, mzerewo ndi wa gulu lachitatu.

Tandionetsani momwe munthu amadulidwira kawiri

Tiyerekeze loja ya zipangizo zaulimi ku Ulongwe, mwezi wa Novembala, mvula yayamba ndipo anthu ali pamzere wa fetereza. Mayi wina wochokera ku Domwe akufuna thumba limodzi, tinene kuti mtengo wake ndi mametikali 2,800. Mnyamata wogulitsa akulemba nambala ya mayiyo pa tabuleti n'kudina batani nthawi ili 10:14:00. Wolemba pulogalamu anaika kuti seva idikire masekondi 30 basi.

Kabokosi ka pini katulukira pa foni ya mayiyo patapita masekondi asanu. Koma foni ili yomangidwa pa nsonga ya chitenje pamodzi ndi ndalama za minibasi. Akumasula mfundo, akuitembenuza chifukwa dzuwa likuwala pa sikirini, akuwerenga, akulemba pini. Pomwe akumaliza ndi 10:14:38. Seva yanu inasiya kudikira pa 10:14:30 ndipo tabuleti yalemba kale zofiira: "Zalephera, yesaninso." Pa 10:14:40 mametikali 2,800 achoka m'foni ya mayi n'kulowa mu akaunti ya loja. Yankho la `INS-0` latumizidwa, koma palibe amene akulimvera.

Meseji yotsimikizira sinafikebe pa foni. Mnyamata uja akuti, "Amayi, rede yavuta, tiyesenso." Akudinanso. Pulogalamu ikupanga chizindikiro chatsopano, kampani ikuona pempho latsopano lopanda vuto lililonse, kabokosi katulukanso. Tsopano foni ili kale m'manja, mayi akulemba pini m'masekondi khumi, tabuleti yalemba zobiriwira. Anyamula thumba limodzi, m'foni mwachoka 5,600. Mameseji awiri adzawapeza ali m'galimoto, ndipo kubwerera ku Ulongwe kudzadandaula ndi ulendo wina wolipira.

Onani kuti pa nkhani yonseyi palibe makina amene anawonongeka. Kampani ya foni inachita zomwe inapemphedwa, kawiri konse. Cholakwa ndi mawu amodzi aja, "zalephera", olembedwa ndi pulogalamu yomwe sinadziwe kanthu.

Pulogalamu yolembedwa bwino ikanachita motere. Pa 10:14:30 ikanasintha mzere kuchoka pa `IKUDIKIRA` kupita pa `YOFUFUZA`, batani likanakhala lotsekedwa, ndipo tabuleti ikanalemba kuti malipiro akutsimikizidwa. Pa 10:14:45 seva ikanafunsa za `ODA4821A`, n'kuuzidwa kuti zatheka, n'kulemba `YALIPIDWA`. Mayi akanangodikira masekondi 15 owonjezera. Komanso masekondi 30 aja ndi ochepa kwa munthu amene ayenera kutulutsa foni; ikani nthawi yotalikirapo, ndipo muonenso zonse zomwe zili panjira. Mwachitsanzo nginx, ngati simunasinthe `proxy_read_timeout`, imadula pa masekondi 60 ngakhale pulogalamu yanu ikufuna kudikirabe. Njira yabwino koposa ndi yakuti seva iyankhe foni nthawi yomweyo kuti pempho lalandiridwa, ntchito yodikira ichitikire kumbuyo, apu izingofunsa seva masekondi angapo aliwonse.

Ndimafunsa bwanji, kangati, mpaka liti?

Pali khomo lina, `/ipg/v1x/queryTransactionStatus/`, pa doko la 18353, lomwe mumalifikira ndi `GET`. Mu `input_QueryReference` mumaika chomwe muli nacho: `TransactionID` ngati inafika, apo ayi chizindikiro chanu chija munalemba musanatumize. Apa ndi pomwe mumaona phindu lolemba mzere poyamba.

Yankho lili ndi zigawo ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. `output_ResponseCode` ya `INS-0` pano ikungotanthauza kuti funso lanu lamveka. Sikunena kuti ndalama zalowa. Nkhani ya ndalama ili mu `output_ResponseTransactionStatus`: `Completed` ndiye kuti zalowa, `Cancelled` ndi `Expired` ndiye kuti sizinachoke. Wolemba pulogalamu amene angoona `INS-0` n'kupereka katundu adzapereka matumba kwa anthu omwe anadina batani lokana.

Yankho likakhala lakuti malipirowo sakupezeka, musathamangire kutseka. Mwina pempho silinafike n'komwe, mwinanso mwafunsa msanga munthu akadali ndi kabokosi pa sikirini. Ine ndimalangiza kufunsa pakatha masekondi 15, kenako 30, kenako mphindi imodzi, ziwiri, zisanu, khumi. Mipata izikula, chifukwa ngati makina awo alemedwa, kuwagogoda sekondi iliyonse sikuthandiza aliyense. Pakatha theka la ola osamva zomveka, pulogalamu isagamule yokha. Iike mzerewo pa mndandanda wa zoti munthu aone, ndipo mwini loja alandire uthenga.

Ntchito yofunsayi izitenga mizere yake m'databesi, osati m'memori ya pulogalamu. Seva ikazima n'kuyakanso, chinthu choyamba chikhale kusakasaka mizere yonse yomwe ili pa `IKUDIKIRA` ndi `YOFUFUZA`.

Kodi nditseke batani basi kuti munthu asadine kawiri?

Litsekeni, koma musadalire zimenezo. Munthu amatseka apu n'kuitsegulanso, batani labwerera. Ogulitsa awiri angatsegule oda imodzi pa mafoni awiri. Ndipo zida zina zotumizira mapempho zimabwereza zokha netiweki ikaduka. Pa pempho lodula ndalama zimitsani khalidwe limeneli.

Chitetezo chenicheni chili m'databesi. Oda imodzi ingathe kuyesedwa kangapo, `ODA4821A`, `ODA4821B`, koma kuyesa kwachiwiri kuloledwe pokhapokha koyamba katatsekedwa ngati kolephera. Mu PostgreSQL lamuloli limakwana mizere itatu:

```sql
CREATE UNIQUE INDEX oda_imodzi ON malipiro (oda_id)
WHERE mkhalidwe IN
  ('IKUDIKIRA', 'YOFUFUZA', 'YALIPIDWA');
```

Tsopano ngakhale mapempho awiri atafika pa sekondi imodzi, databesi ilandira limodzi n'kukana linalo, ndipo apu ingoonetsa mkhalidwe wa loyambalo.

Mbali inayo ya vutoli ndi kupereka katundu kawiri pa malipiro amodzi. Zimachitika pamene yankho lochedwa ndi yankho la funso lanu afika nthawi imodzi, aliyense n'kuyambitsa ntchito yotulutsa risiti kapena tikiti. Sinthani mkhalidwe ndi lamulo limodzi lokhala ndi malire:

```sql
UPDATE malipiro SET mkhalidwe = 'YALIPIDWA', tx_id = $1
WHERE ref = $2
  AND mkhalidwe IN ('IKUDIKIRA', 'YOFUFUZA');
```

Ngati mzere umodzi wasinthika, perekani katundu. Ngati palibe wasinthika, wina wachita kale, siyani. Ndalama zizisungidwa ngati nambala yathunthu ya masentavo, 280000 m'malo mwa 2800.00 ya mtundu wa `float`, kuti pophatikiza madzulo zisasiyane ndi kakobiri kosadziwika komwe kachokera.

Pa sikirini ndilembepo chiyani pomwe sindikudziwa?

Zoona zokhazokha, ndi chinthu chimodzi choti munthu achite. Mwachitsanzo: "Tikutsimikizira malipiro anu. Musalipirenso. Nambala ya oda yanu ndi 4821." Mawu akuti "musalipirenso" ndiwo ofunika kuposa onse, ndipo alembedwe m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi momwe, chifukwa pa loja imodzi pamabwera owerenga zonse ziwiri. Kagudumu kozungulira kopanda mawu kamachititsa anthu kutseka apu. Mtundu wofiira usungireni kulephera kotsimikizika, ndipo pamenepo nenani chifukwa chake: "ndalama m'foni n'zosakwanira" imatumiza munthu kwa ajenti, pomwe "cholakwa chachitika" imamutumiza kukakangana ndi wogulitsa.

Musanatumize pempho, uzani munthu kuti atulutse foni n'kuitsegula. Kamzere kameneka kokha kamachepetsa malipiro otha nthawi.

Kasitomala akuonetsa meseji yakuti walipira, koma apu ikuti ikudikira. Timupatse katundu?

Meseji ya pa foni ya munthu wina si umboni. Ingathe kukhala ya dzulo, ya loja ina, kapena yolembedwa ndi mnzake ali panja. Chithunzi cha sikirini ndiye n'chosavuta kuposa pamenepo. Koma musamuyese wakuba, chifukwa kawirikawiri akunena zoona, monga mayi wa ku Domwe uja.

Mupatseni wogulitsa batani lakuti "Funsaninso tsopano", lomwe limauza seva kufunsa nthawi yomweyo. Onjezani kabokosi kolembamo nambala ya malipiro yomwe ili m'mesejimo, kuti seva ikafunse ndi nambala imeneyo. Nambala ikapezeka kuti n'njoona, seva ionenso kuti sinagwiritsidwepo kale ntchito pa oda ina. Pa `tx_id` pakhalenso lamulo lakuti isabwerezedwe. Wogulitsa azitha kunena kuti, "Abambo, khalani pa benchipo pang'ono, ndikufunsa ku kampani," m'malo mogamula yekha.

Eni maloja ena amafuna batani lolembera pamanja kuti oda yalipidwa. Ngati simungathe kuwakaniza, likhale la mwini yekha, lizilemba dzina la wodina ndi nthawi, ndipo mzere wotero ukhale ndi mkhalidwe wakewake mpaka utapezeka m'mabuku a kampani.

Nanga ndalama zikalowa oda itathetsedwa kale?

Izi zimavuta kwambiri ogulitsa zinthu zowerengeka, monga mipando ya basi. Mpando munausunga mphindi khumi, nthawi yatha, mwaugulitsa kwa wina, kenako zadziwika kuti woyambayo analipira. Lamulo losavuta: musamasule mpando kapena thumba pomwe mzere wake uli pa `YOFUFUZA`. Nthawi yosungira katundu ikhale yotalika kuposa nthawi yofufuza.

Ngati zachitikabe, pulogalamu isameze ndalamazo mwakachetechete. Ilembe kuti pali malipiro opanda katundu, ndipo munthu asankhe: kupereka mpando wina kapena kubweza.

Kubweza ndalama kumayenda bwanji?

Khomo lake ndi `/ipg/v1x/reversal/` pa doko la 18354, ndi `PUT`. Limafuna `input_TransactionID` ya malipiro omwe mukubweza, ndalama zake mu `input_ReversalAmount`, ndi zinsinsi zina ziwiri, `input_SecurityCredential` ndi `input_InitiatorIdentifier`, zomwe n'zosiyana ndi makiyi a tsiku ndi tsiku. Zipempheni musanayambe kulandira ndalama zenizeni, osati tsiku lomwe kasitomala wayima pakhomo.

Kubweza nakonso kungakhale m'malere. Mwatumiza pempho, chingwe chaduka, simukudziwa ngati ndalama zabwerera. Apa kubwereza mosafunsa kumapweteka thumba la loja. Choncho kubweza kukhale ndi mzere wake, chizindikiro chake ndi mikhalidwe yake, chimodzimodzi malipiro. Ndipo wogulitsa asatulutse ndalama m'kabati kubwezera munthu pamanja popanda kulemba mu apu, chifukwa madzulo mwini adzaona malipiro awiri aja n'kubwezanso kudzera pa foni.

Pa kompyuta yanga zikuyenda, pa seva zikungodikira mpaka nthawi kutha. Vuto n'chiyani?

Yambani ndi madoko. Makampani ambiri obwereketsa maseva otsika mtengo amalola mapempho otuluka pa 80 ndi 443 pokha, pomwe apa pakufunika 18352, 18353 ndi 18354. Lowani pa seva muyese:

```bash
nc -vz api.sandbox.vm.co.mz 18352
```

Likangokhala chete, doko n'lotsekedwa, ndipo khodi yanu ilibe mlandu. Tsegulitsani onse atatu. Ena amatsegulitsa lolipirira lokha, zonse n'kumaoneka bwino kwa milungu, mpaka tsiku loyamba lomwe pulogalamu ikufuna kufunsa n'kupeza khomo lotseka. Ngati doko n'lotseguka koma mukukanidwa, onani mutu wa `Origin`, ndipo onetsetsani kuti simunasakanize makiyi oyeserera ndi adiresi ya `api.vm.co.mz`, yomwe ndi ya ndalama zenizeni.

Makasitomala athu ambiri ndi a m'malire. Pali chosiyana?

Chilipo. Ku Zobwe, ku Kalomwe ndi m'midzi ya Tsangano yoyang'anana ndi Malawi, si zachilendo munthu kukhala ndi simu ziwiri m'foni imodzi, ya kuno ndi ya ku Malawi. Nambala yoyamba ndi 265 ya Airtel Money kapena TNM Mpamba singalipire kudzera pa khomo ili. Ikaneni pa sikirini pomwepo ndi mawu omveka, musaitumize kuti ikakanidwe kutali. Ndipo lembani MT pafupi ndi mtengo uliwonse, chifukwa amene wazolowera kuwerenga makwacha akaona 2,800 yopanda dzina angaimve mwina.

Chinanso n'chakuti intaneti ndi kabokosi ka pini zimayenda njira zosiyana. Apu ingakhale ikuyenda bwino pa simu imodzi kapena pa intaneti ya pa loja, pomwe simu yokhala ndi ndalama ilibe netiweki, kapena ili m'foni ina yomwe yatsala kunyumba ndi ana. Kasitomala adzati palibe chomwe chatulukira, ndipo seva idzalandira kutha kwa nthawi. Funsani pa sikirini, pempho lisanapite, ngati foni ya nambala imeneyo ili pomwepo ndipo ikugwira.

Ngati zonsezi zili m'malo, kuyerekeza mabuku n'kofunikabe?

Inde, tsiku lililonse. Tengani ndandanda ya malipiro kuchokera ku akaunti ya bizinesi, muiyerekeze ndi tebulo lanu pogwiritsa ntchito `TransactionID`. Mukusaka zinthu zitatu: zomwe zili kwa iwo koma kwa inu kulibe kapena zalembedwa kuti zinalephera, zomwe kwa inu zili `YALIPIDWA` koma kwa iwo kulibe, ndi zomwe ndalama zake zikusiyana. Gulu loyamba ndi anthu omwe muli nawo ngongole, ndipo ndi bwino muwaimbire inu asanabwere okha. Gulu lachiwiri ndi katundu wotuluka ulere. Yang'anani kaye mizere yolembedwa pamanja.

Samalani ndi koloko. Maseva ambiri amayendera UTC, pomwe nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola awiri. Malipiro a 01:30 usiku wa Lachiwiri seva idzawaika pa Lolemba, ndipo masiku onse awiri adzaoneka osagwirizana ngakhale palibe kobiri lomwe lasowa.

Ndingayese bwanji zolephera ngati malo oyeserera amangoyankha bwino?

Malo oyeserera amakuphunzitsani kalembedwe ka pempho, koma sangakuonetseni munthu akumasula chitenje. Lembani kaseva kabodza kanu komwe kamayankha monga mwakauzira: kachedwe masekondi 90, kadule chingwe osayankha, kayankhe kuti malipiro sakupezeka kawiri kenako `Completed` kachitatu. Zimitsani seva yanu pakati pa kudikira, muiyatsenso, muone ngati yatolanso mzere uja. Tumizani mapempho awiri a oda imodzi nthawi imodzi.

Kenako, makiyi enieni akabwera, yesani ndi foni yanu ndi mametikali 10. Kamodzi kanani, kamodzi siyani kabokosi mpaka kazimiririke, kamodzi lembani pini mochedwa dala, kamodzi lipirani muli ndi ndalama zosakwanira. Pa kuyesa kulikonse sungani yankho lonse monga labwerera, pamodzi ndi `output_ConversationID` ndi nthawi, chifukwa izi ndi zomwe othandiza a ku kampani adzakufunseni mukadzawalembera za malipiro osowa. Makiyi okha ndi mutu wa `Authorization` musawalembe m'zolemba zimenezo, ndipo manambala a makasitomala muziwabisa pakati, kusiya zoyamba ndi zitatu zomaliza.